Tinsalu Tofiira ta Apongozi

Ndinakwatiwa ndi telala, munthu wosalankhulalankhula, amene ankasoka pakhonde la sitolo ku Naisi. Kwawo kunali kuseri kwa phiri, ndipo monga mwa mwambo wathu kuno ku Domasi anabwera kudzakhala kwathu, namanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata pamalo amene amalume anatilozera, moyang'anana ndi dambo la mpunga. Izi zinali m'zaka za m'ma 1980. Nyumba inali yabwino, mwamuna sankamwa, sankamenya. Chimene chinalipo ndi chimodzi basi: mimba sinkabwera.

Zaka zinapita. Anzanga amene tinavinidwa limodzi anayamba kutchulidwa ndi mayina a ana awo, ine ndikutchulidwabe kuti akazi a atelala. Ndinamwa mizu yowawa, ndinapita kuchipatala, azimayi a kutchalitchi anandipempherera mpaka mawu kusasa. Palibe. Ndipo musaganize kuti sindinkadziwa kumene zinkalowera. Mkamwini amene alibe mwana pamudzi alibe chomugwira mwendo, tsiku lililonse atha kumanga makina ake panjinga n'kumapita. Ndinkadzuka nazo, kupita nazo kudambo, kubwera nazo.

Nthawi imeneyo kunkabwera mayi mlangizi wa za pakhomo, wamfupi, wa magalasi, ankapalasa njinga yachimuna. Ankatisonkhanitsa m'kalasi ya pafupi ndi tchalitchi n'kumatiphunzitsa kusoka, kuphika zigumu zofufuma, kusamala ana. Phunziro la ana likafika ine ndinkangoyang'ana pazenera. Koma tsiku lina anati lero tikamba za pabalaza, pamene mlendo amafikira. Anatambasula manja ake onse awiri.

"Zala zanga ndi zingati?"

"Khumi," tinayankha, ena akuseka kuti amayi atiyesa ana a sitandade wani.

"Pabalaza panu muzipagawa chimodzimodzi. Zala zisanu ndi chimodzi ndi za mtundu waukulu. Umenewo ndi wa makoma ndi pansi, zinthu zimene diso limapeza kulikonse kumene latembenukira, ndiye uzikhala wofatsa, wosatopetsa. Zala zitatu ndi za mtundu wachiwiri, wa makatani ndi mipando. Uzisiyana ndi woyamba uja, koma usalimbane nawo. Kachala kamodzi kotsalaka ndi ka mtundu waukali, wokoka maso. Kameneka n'kochepa dala. Mukaike malo awiri kapena atatu, kuti diso liziyenda, koma kasapitirire pamenepo."

Mayi wina anafunsa ngati tizichita kuyeza ndi tepi. Mlangizi anati ayi, ungoima pakhomo n'kuyang'ana, diso lokha limakuuza. Anati mtundu waukali uli ngati mchere m'ndiwo, ukachepa sizikoma, ukachuluka sizidyeka. Anzanga anaiwala asanafike n'kunyumba komwe, poti anali ndi ana oti asambitse. Ine ndinalibe wosambitsa, ndiye zinandikhala m'mutu.

Madzulo ake ndinawafotokozera bambo akunyumba. Ndinkayembekezera kuti angoti "oo" monga mwa masiku onse, koma anaika kapu pansi.

"Zimenezo n'zoona," anatero. "Ngakhale diresi ndi choncho. Nsalu yaikulu, kenako kolala ndi lamba, kenako mabatani. Ukaika mabatani ngati zikho wawononga diresi."

Abale inu, aka kanali koyamba pa miyezi yambiri kuti ine ndi mwamuna wanga tikambe nkhani yosakhudza mimba, ndipo tinaikamba mpaka tiyi kuzizira.

Tinayamba ndi makoma. Njereza yokha imayera mothobwa m'maso, ndiye tinasakaniza ndi kadothi kachikasu kosefa bwino, mtundu n'kutuluka wa mkaka wowiritsa. Pansi ndiye panali nkhondo. Nyumba iliyonse ya simenti m'mudzi mwathu inkapakidwa polishi wofiira, ndipo mayi anga anachita kundigulira chitini. Ndinakana. Pansi ponse pakafiira ndiye kuti kachala kaja kasanduka dzanja lonse tisanayambe n'komwe. Ndinasungunula makandulo ndi parafini n'kupaka, simenti n'kuwala osasintha mtundu, pakati n'kuyala mkeka wa mlaza wosapaka utoto, wofanana ndi makoma. Mayi anga anangoti, "Mwana uyu sukulu ya kuukulu yamupengetsa," natenga chitini chawo.

Zala zitatu zinali za atelala. Anasankha nsalu yobiriwira, kubiriwira kwa mpunga usanabereke, nasoka makatani a mazenera awiri ndi zovindikira makushoni a mipando yathu ya matabwa. Ankabwera nazo kunyumba Loweruka, kuyeza, kuphwasula, kusokanso, mapini ali kukamwa. Ine ndikugwira mbali ina ya katani, iwo ali pampando kukhoma misomali. Kachala kotsala ndinasankha kofiira. Ndinali ndi ketulo yaing'ono yofiira imene ndinaika pashelefu, ndi kabotolo kamene ndinkaikamo maluwa ofiira a kumpanda. Titamaliza tinaima pakhomo tonse awiri, mapewa kugundana. Sindikunama ayi, panali pokongola. Munthu ukalowa mtima unkakhala pansi.

Ndipo mwamuna anayamba kukhala pakhomo. Kale Lamulungu akachoka kutchalitchi ankapita kukaonera bawo kumsewu mpaka dzuwa kulowa. Tsopano ankakhala pabalaza ndi wailesi, mapazi pamkeka. Ankabwera ndi makasitomala, aphunzitsi ndi akazi awo, kudzawaonetsa makatani, n'kumati, "Nzeru zake ndi za mayi awa." Ndikamva mawu amenewo ndinkathawira kukhitchini kuti asaone nkhope yanga. Ndinadziuza kuti ngati sindingamupatse mwana, ndimupatsa malo oti akakhala asamafune kudzuka. Mungaseke, koma munthu amagwira chimene wapeza, ndipo ine ndinapeza chimenecho.

Apongozi anga aakazi ankabwera kudzationa kamodzikamodzi, kutsika phiri wapansi ndi kamtolo pamutu. Anali mayi wamtali, wa manja aluso, wosakalipa. Sanandinenepo mawu oipa pamaso, ndiyenera kunena zimenezo. Ulendo umene anapeza pabalaza patasintha anaima pakhomo nthawi yaitali, nati, "Mwakonza, mwananga." Ulendo wotsatira anamasula mpango natulutsa tinsalu tiwiri toluka ndi ulusi wa wulu, tofiira kuti psuu, toika pamsana pa mpando.

Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri, ndipo ndinakondwa zenizeni. Tinalowa bwinobwino m'kachala kaja. Kamodzi pampando wa kuzenera, kena pampando wa atelala, ketulo pashelefu, diso n'kumayenda mozungulira monga ananenera mlangizi. Ndinachotsa kabotolo ka maluwa kuti zisachuluke.

Koma apongozi sanalekere pomwepo. Anabweranso ndi tina tinayi ta mipando yotsala. Kenako ta poika mikono, mpando uliwonse tiwiri. Kenako chinsalu cha patebulo chofika mpaka pansi, cha ngayaye m'mbali. Kenako chovindikira wailesi, chovindikira jagi ya madzi, china chozungulira choti chizilendewera pakhoma. Zonse zofiira, kufiira komweko. Iii, mayi aja ankaluka ngati akuthamangitsidwa! Ndipo kwathu kuno mphatso ya apongozi siikidwa m'sutikesi. Imakhala poonekera, kuti iwo akabwera aione, ndi kuti anthu a pamudzi adziwe kuti mkamwini ali ndi kwawo ndipo abale ake amalowa m'nyumba muno. Zimenezo palibe amene anachita kundiphunzitsa, mwana aliyense amazidziwa.

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Ndinayala zonse. Zobiriwira za atelala zinakwiririka, kumangosuzumira m'mipata, ndipo pamene zinkaonekera zinkalimbana ndi zofiira mpaka maso kuchita ngati akunjenjemera. Zofiira ndi zobiriwira zimakhalirana bwino chimodzi chikachepa, koma zikalingana ndi ndewu. Makoma aja amene tinavutika nawo sankaonekanso kuti alipo. Ukaima pakhomo sunkadziwa poyang'ana. Atelala analowa, nayang'ana uku ndi uku, nanyamula wailesi ndi chovindikira chake chomwe kupita nayo pakhonde.

"Bwanji bambo?"

"Mukutentha m'nyumbamo," anatero, chonsecho unali mwezi wa Juni.

Lamulungu lotsatira anapita ku bawo.

Ndinakadikira mlangizi pamsewu ndi kumufotokozera. Anatsika panjinga namvetsera bwino. Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, ndilole zofiira zikhale mtundu wachiwiri, zitenge zala zitatu zija, koma ndiye zobiriwira zitsike zikhale kachala. Makatani achoke, abwere a mtundu wa makoma, makushoni avulidwe, zobiriwira zitsale mwina kakushoni kamodzi ndi chomera cha m'chitini. Anati zikhoza kukongola ndithu, ngakhale pabalaza pangakhale paukali kuposa kale. Njira yachiwiri, ndizisinthasintha: tiwiri titatu sabata ino, tina sabata yamawa, zotsala ndizisunga.

Njira yoyamba ndinaikana asanamalize n'kulankhula komwe. Nditsitse makatani amene mwamuna wanga anasoka ndi mapini kukamwa? Chinthu chokhacho chimene tinapanga awiri? Komabe ndinawafunsa atelala, kuti asadzati sindinanene.

"Za m'nyumba ndi zanu, mayi," anayankha.

"Koma ndi mayi anu."

"Ndiye ndikawauze kuti asiye kuluka?"

Sakanatha, ndipo inenso sindikanatha. Ndinatenga njira yachiwiri. Ndinasiya tiwiri pamipando, zina zonse ndinapinda bwinobwino n'kuika m'dengu, kuvindikira ndi chitenje, kukweza pamwamba pa matumba a mpunga m'kachipinda kosungira katundu. Apongozi akamabwera ankatumiza mawu kudzera kwa anthu a kumsika, ndiye ndinkathamanga kuyala zonse, iwo n'kupeza pabalaza pali psuu, n'kumwetulira. Akangokwera phiri ndinkachotsa. Mwamuna anabwereranso pampando wake. Ankaona zonsezi, ndipo sananene kanthu, kuvomera kapena kukana.

Zinayenda choncho mpaka dzinja. Ntchito ya kudambo inachuluka, kuwokera mpunga kuyambira m'mawa, msana kuchita kuuma. Kusinthasintha kuja ndinasiya, dengu linakhala osatsegulidwa. Ndiye kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nafe, a munthu wa chibale ndi apongozi. Maliro satumiza mawu. Ndikuchokera kudambo, matope mpaka m'maondo, ndinapeza apongozi ali pakhonde ndi mwana wawo wamkazi, mlamu wanga, mchemwali wa atelala. Ameneyu ndiye anali ndi pakamwa. Ana anali nawo asanu ndipo ankayenda ngati anawagula ndi nzeru zake.

Analowa pabalaza. Ndinaona maso a apongozi akuyenda, patebulo, pawailesi, pakhoma. Sanafunse. Anakhala pansi pamkeka, osati pampando, nayamba kukamba za malemu. Ine ndinapita kukatereka madzi, ndikuganiza bodza loti ndinene, kuti ndachapa, kuti zili pachingwe kwa mayi anga. Koma mvula inayamba, ndipo mlamu analowa m'kachipinda kaja kukafuna thumba loti afunde popita kumaliro.

Ndinangomva, "Mayo ine! Amayi, tabwerani mudzaone!"

Anatuluka ndi dengu naliika pakati pa balaza, navundukula chitenje. Fungo lokha linakwana. Makoswe anali ataboola pansi pa dengu, natafuna chinsalu cha patebulo pakati penipeni, nakonza chisa. Ndipo m'chisamo munali tiana ta makoswe, tosatsegula maso, tofiirira, tikunyololoka mu ulusi wa apongozi. Ndinayang'ana, ndipo chimene chinandibwerera m'mutu si manyazi ayi, unali ukali. Ngakhale khoswe! M'nyumba yangayanga, khoswe anabereka.

Mlamu sanachedwe kunena zomwezo mokweza.

"Onani amayi, zidzukulu zanu izi. Mumaluka usana ndi usiku maso kuchita kufiira, kulukira makoswe."

"Khala chete," anatero apongozi. Anatola kansalu kamodzi kamene kanali kosadyedwa, nakakutumula, nakapinda, nakabwezera m'dengu. Kenako anaimirira. "Tiyeni kumaliro, tachedwa." Madzi amene ndinatereka sanamwe, ndipo pobwerera kwawo anadzera njira ina.

Nkhani ya mwana inali isanafikepo kwa ankhoswe, chifukwa palibe amene ankafuna kuyamba kuitchula. Munthu sungaimirire pamaso pa anthu n'kunena kuti tikumuchotsa mbale wathu chifukwa Mulungu sanapereke. Koma mwano ndi mlandu woneneka. Patangopita masabata ochepa kunabwera mawu akuti akuchimuna akufuna kukhala pansi.

Tinakhala pabalaza pomwepo, masana, Loweruka. Kumbali yanga kunali amalume, nkhoswe yanga, ndi mayi anga. Kumbali inayo kunali amalume awo a atelala, bambo wa ndevu zoyera amene ankagulitsa fodya, ndi mlamu uja. Apongozi sanabwere. Atelala anakhala pampando wawo, manja pakati pa maondo. Dengu analiika patebulo.

Amalume awo analankhula mofatsa. Anati mwana wawo anasiya kwawo, namanga nyumba pamudzi wa eni, nalima minda ya eni, osadandaula. Anati mayi ake ndi wokalamba, alibe chuma, chimene ali nacho ndi manja, ndipo zimene manjawo anapanga zapezeka kumene zapezeka. Anati sanabwere kudzakangana, angofuna amve chifukwa.

Amalume anga anandinong'oneza kuti ndingopepesa basi, ndinene kuti ndinaiwala. Mwina ndikanatero. Koma mlamu anaseka kachiseko kake kaja, ndipo ine magazi anakwera. Ndinati sindinataye kanthu, ndinasunga, ndipo chifukwa chake chilipo. Ndinatambasula manja anga pamaso pa akuluakulu, ine wopusa ine, n'kuyamba kuphunzitsa. Zala zisanu ndi chimodzi makoma ndi pansi. Zala zitatu makatani ndi mipando. Kachala kamodzi zofiira. Ndinati zofiira n'zokongola kuposa zonse, n'chifukwa chake zimafunika pang'ono, zikachuluka zimapha zinzake ndipo nazonso zimaleka kuoneka. Ndinaloza tinsalu tiwiri ta pamipando, ndinati onani mmene tikuonekera bwino tili tokha.

Amalume a atelala anayang'ana makoma, nayang'ana makatani.

"Tamva," anatero. "Tsono ndifunse. Makomawa aima pa dothi la yani?"

"La kwathu kuno," ndinayankha.

"Makatani ndi mipando?"

"Ndi za bambowa."

"Ndiye inu mwatenga zisanu ndi chimodzi, mwana wathu mwamupatsa zitatu." Anakweza kachala kawo kakang'ono, kokhota ndi ukalamba. "Ife amene tinamubereka, malo athu m'nyumba muno ndi aka. Tikapitirira apa, tikukakhala ndi makoswe."

"Sizimenezo ayi! Ndikunena za mitundu, osati anthu!"

"Mitunduyo inabwera yokha? Inalibe manja amene anaibweretsa?"

Mpaka lero ndikamaganiza ndimapsa mtima, chifukwa zimene ndinanena zinali zoona, ndipo zimene ananena iwo sindikanatha kuzitsutsa. Ndinatembenukira kwa mwamuna wanga. Iye ankadziwa. Ndi iye amene ananena za mabatani, ndi iye amene anathawa m'nyumba zofiira zitachuluka.

"Bambo, tawauzani. Si inu munatuluka ndi wailesi? Si inu munkabweretsa anthu kudzaona?"

Atelala anayang'ana mkeka.

"Ine ndimangosoka zimene andiuza," anatero.

Basi. Mawu amenewo anandilasa kuposa a mlamu, kuposa makoswe. Mayi anga anayamba kulira mwakachetechete. Amalume anga anayesa kukonza, anati mwana walakwa, tipereka nkhuku, apita yekha kukagwada kwa apongozi ake. Akuchimuna anati amva, akakambirana, mwana wawo ayambe wapita kwawo akapume. Aliyense m'chipindamo ankadziwa tanthauzo la kupuma kumeneko. Potuluka mlamu anaima pakhomo nayang'ana m'mbuyo.

"Pokongola ndithu," anatero. "Nanga angasokoneze ndani?"

Ndinapitadi kuseri kwa phiri ndi nkhuku kukagwada. Apongozi analandira nkhuku, nandipatsa madzi akumwa, nandifunsa za mpunga. Za mwana wawo sanatchule, ndipo iye sindinamuone. Pambuyo pake ndinamva kuti sankagona kwawo n'komwe, anapeza kachipinda ku Naisi kuseri kwa sitolo. Ndinkadutsa pamsewu popita ku Zomba n'kumuona ataweramira makina, ine n'kuyang'ana kumbali. Ndinkakolopabe pabalaza tsiku ndi tsiku, kupaka makandulo, kukutumula makushoni, ngati kuti munthu angabwerere chifukwa cha simenti yowala. Mlangizi anandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira kubwera ku maphunziro, ndinamuuza kuti ndaphunzira zokwanira.

Mpunga utakololedwa ankhoswe anakumananso, ulendo uno kwa amalume anga, ndipo ukwati unatha ndi mawu ochepa. Nyumba inatsala ndi ine poti ili pamudzi pathu. Katundu amene mwamuna anabwera naye kapena kugula yekha anali wake. Anabwera ndi ngolo ya ng'ombe yobwereka, m'mawa, anthu akupita kumunda. Ananyamula mipando ndi makushoni ake, tebulo, wailesi. Tinsalu tiwiri tofiira tija anatichotsa pamipando natiika pazenera. Kenako anakwera pa mtondo n'kuyamba kumasula makatani. Ndinaima pakhomo manja m'chiuno.

"Ndi makatani omwe?"

"Kumene ndikukhalako zenera layang'ana kumsewu," anatero, osandiyang'ana.

Anawapinda mwaluso, ngodya ndi ngodya, monga amapindira nsalu ya kasitomala. Ndinafuna kumutukwana, ndinali nawo mawu okonzeka, koma ndinangopatuka pakhomo kuti adutse. Ngolo itachoka ndinalowa. Dzuwa linkalowa pamazenera opanda kanthu n'kumenya makoma, ndipo mtundu wofatsa uja umene tinausefera dothi unali paliponse, wopanda choufatsira. Mawu anga ankamveka ngati ndili m'tchalitchi mopanda anthu.

Patapita mwezi kapena kuposerapo, masana ena ndikupeta mpunga, ndinamva "Odi." Anali apongozi, okha, ndi kamtolo kawo. Ndinawayalira mkeka pabalaza poti mpando panalibe. Tinapatsana moni wautali, wa anthu osadziwa chonena. Anayang'ana mazenera, nayang'ana pansi.

"Ndabwerera tinsalu tija, mwananga. Totsala."

Ndinakatenga dengu. Ndinali nditachapa zonse zimene makoswe anasiya, ndi tiwiri ta pazenera ndinaika pamwamba. Ndinaganiza kuti akufuna kukaziyala kwawo, kapena kungofuna kuti chilichonse chawo chichoke pakhomo panga. Koma anatenga kamodzi, nafufuza mfundo ya kumapeto, naiduladula ndi mano, nayamba kukoka. Kansalu kanayamba kuphwasuka mzere ndi mzere.

"Amayi, mukuwonongeranji?"

"Ulusi uwu sindinagulire mipando," anatero, maso ali pa ntchito. "Ndinagula chaka chimene munakwatirana, wambiri, wa tizipewa ndi timasokosi ndi kabulangete. Ndinausunga, ndinausunga. Kenako ndinaona kuti njenjete ziudya, ndiye ndinati bola ulowebe m'nyumba ya mwana wanga mwa njira ina."



"Tsono ku Naisi kuli mtsikana," anapitiriza. "Ndi woyembekezera, mimba ya mwana wanga. Akuti mwezi wa Okutobala. Ulusi masiku ano wadula, ndipo maso anga sakuonanso bwino, ndiyenera kuyambiratu." Anakweza mutu, ndipo m'maso mwawo munali misozi. "Ndimafuna umve kwa ine, osati kumsika."

Ndinawerenga miyezi chamumtima. Kuwerengako sikunafune sukulu. Pamene tinkakhala pabalaza ndi ankhoswe, ine ndikutambasula manja kufotokoza za mitundu, mimbayo inali ilipo kale.

Ulusi wophwasula umapotana, ndipo unayamba kukodana pamiyendo pawo. Anayesa kuukulunga pa bondo, unaterereka. Anayesanso, mfundo n'kumangika.

"Tandigwirira, mwananga," anatero.

Ndinakhala pansi moyang'anana nawo n'kutambasula mikono. Anakoleka ulusi m'manja mwanga nayamba kukulunga mpira, ine ndikupendeketsa manja uku ndi uku kuti usakodwe. Tinamaliza kansalu koyamba, anatenga kachiwiri. Tinsalu tinalipo tambiri, ndipo tinagwira ntchitoyo mpaka dengu linatha.